Achemwali, za kalata ya chindapusa ija

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Ine ndangoweruka kumene, ndili m'basi, mukamva phokoso musadabwe. Uthenga wanu ndaumva, ndipo zithunzi za sitetimenti zija ndaziona bwinobwino. Chindapusa cha K18,500 chimene akuikirani pa ngongole ya chigayo tikhoza kupempha kuti achichotse, koma pakufunika kalata. Zongolankhula ndi mnyamata wa pakauntala sizithandiza, mawa adzati sakukumbukirani.

Poyamba ndinafuna nditsimikize kuti analakwitsa ndi a banki, osati ife. Nthawi zina munthu amakhala ndi ndalama yokwanira ngongole ndendende, banki n'kudulapo zake za pamwezi, yotsalayo n'kuperewera. Zikatero vuto ndi lathu ndipo kalata ilibe mphamvu. Koma kwa inu si choncho. Pa 27 mu akaunti yanu munali K212,000, a banki anachotsa K185,000 tsiku lomwelo, tsiku lomaliza kulipira lili pa 28. Kwa obwereketsa ndalamayo yakafika pa 6 mwezi winawu. Masiku onsewo inali m'manja mwa banki.

Ndiye musathamangire kwa obwereketsa. Lolemba mulawirire pa boma pa Kasungu, mukayambe ku banki. Mukapemphe sitetimenti ya mwezi wathawu ndi uno yodinda chidindo, komanso kalata yaifupi yovomera kuti ndalama inatuluka pa 27 ndipo inachedwa chifukwa cha vuto la kwawo. Akayamba zoti "inali netiweki mayi", muwauze mwaulemu kuti zomwezo azilembe papepala. Akakanika, mufunse amanijala. Kalata imeneyi ndiye mutu wa nkhani, chifukwa obwereketsa sangakhulupirire mawu athu okha, aliyense wochedwa amanamizira banki.

Tsopano kalata yanuyo. Ikhale tsamba limodzi, yopita kwa mkulu wa nthambi imene munatengako ngongole. Pamwamba dzina lanu monga lilili pa chiphaso, nambala ya ngongole ndi nambala ya foni. Kenako mulembe motere, mwana wanu wamkuluyo akuthandizeni kulemba pomvera:

"Ndinalipira K185,000 pa 27 kudzera ku banki, tsiku lomaliza lisanakwane. Chifukwa cha vuto la ku banki, ndalamayo inafika kwa inu pa 6. Umboni ndaphatikiza. Ndikupempha kuti muchotse chindapusa cha K18,500 pamodzi ndi chiwongoladzanja chilichonse chimene chawonjezeka chifukwa cha kuchedwaku, ndiponso kuti mbiri yanga isaoneke ngati ndinachedwa kulipira. Miyezi 7 yapitayi ndalipira pa nthawi yake. Chonde mundiyankhe polemba."

Basi. Nambala ya refelensi imene ili pa meseji ya banki ija muyiikepo, ndi imene akafufuzire. Za matenda a alamu, za fodya amene sanagulidwe bwino ku Chinkhoma, musalembemo. N'zoona inde, koma mukazitchula iwo aziwerenga ngati munalibe ndalama, pamene nkhani yathu ndi yoti ndalama inalipo. Musakalipenso ayi. Obwereketsawo sanalakwe, ndipo pangano limene munasaina limawalola kudula chindapusa. Tikupempha, sitikulamula.

Za mbiri ija musazione mopepuka. Mabungwe obwereketsa amatumiza maina ku mabungwe osunga mbiri ya angongole, ndiye chaka chamawa mukafuna ya feteleza kwina mudzangodabwa akukukayikirani, K18,500 itaiwalika kalekale.

Mukachite fotokope zonse kawiri. Popereka, kope yanu akudindireni ndi kulembapo tsiku. Ine kuno zinandichitikira ndi ngongole ya galimoto, kalata ndinangosiya pa tebulo la mlembi, patatha milungu itatu akuti sanaione. Ndinayambiranso.

China chofunika, podikira yankho musasiye kulipira. Ndipo muwafunse kuti ndalama ya mwezi uno aigawa bwanji. Ambiri amayamba adula chindapusa, yotsala ndiye ipite ku ngongole. Mukapereka K185,000 yokha, kwa iwo zioneka kuti mwapereka K166,500, mwaperewezanso, chindapusa china n'kubwera. Akati ndi mmene amachitira, perekani ndi K18,500 yomwe, koma muwonjezere m'kalatamo kuti mwalipira podikira yankho, ndipo akavomera aichotsere pa mwezi wotsatira. Imeneyo nditumiza Lachisanu ndikalandira.

Akakana, tibwerera ku banki ndi kalata yokanayo kuti abweze ndi iwo, poti anachedwetsa ndi iwo. Nawonso akamazemba, madandaulo otere amalandira a Reserve Bank of Malawi, koma amafuna aone kuti munayamba mwadandaula ku bankiko, n'chifukwa chake ndikulimbikira za zidindo.

Kalatayo mukalemba muyijambule munditumizire ndione musanakapereke. Ndatsala pang'ono kutsika. Mupereke moni kwa amayi, muwauze mankhwala a miyendo aja ndapatsira amene akubwera pa basi ya Lamlungu.