Makalata a Omvera: Kodi Malire a Akuda ndi Azungu Analemba Ndani?

"Ndili chaka choyamba ku yunivesite. Atipatsa chimangirizo chakuti tifotokoze ngati kugawa anthu m'magulu a akuda, azungu ndi ena otero n'kochokera m'chibadwa kapena n'kopangidwa ndi anthu. Aphunzitsi akuti n'kopangidwa ndi anthu. Nanga khungu limene ndikuliona ndi maso angali analipanganso anthu? Ndilembe chiyani?"

Imeneyi ndi kalata yoyamba ya lero, omvera, yochokera kwa mchemwali wathu wina. Zikomo achemwali potilembera. Maso anu sakukunamizani, ndipo aphunzitsi anu sakutsutsana ndi maso anuwo. Khungu la anthu limasiyanadi, ndipo chifukwa chake chili m'thupi: kuchuluka kwa melanini, imene imateteza khungu ku cheza cha dzuwa. Kumene dzuwa limaomba mwamphamvu chaka chonse, anthu amene makolo awo anakhalako zaka zikwizikwi ali ndi khungu loderapo, ndipo mukamatalikira kumeneko khungu limanka liyera. Koma tayerekezani kuti mukuyenda wapansi kuchokera ku South Sudan, kutsata mtsinje wa Nile mpaka ku Egypt, kudutsa ku Turkey mpaka kukafika ku Sweden. Palibe mudzi umene mungaime n'kunena kuti akuda athera pano, azungu ayambira apa. Khungu limasintha pang'onopang'ono ulendo wonsewo. Kuti pakhale magulu, pafunika munthu wina alembe mzere. Zili ngati zaka za munthu: kukula n'kwa thupi, koma zoti munthu amakhala wamkulu tsiku limene wakwanitsa zaka 18 ndi lamulo limene anthu anagwirizana.

Ndiye chimangirizo chanu chitsamire pa funso limeneli: mzerewo analemba ndani, ndipo anaulemba pati? Apa mbiri ikuthandizani kwambiri, chifukwa mzerewo unkasuntha malinga ndi dziko ndiponso chaka. M'chigawo cha Virginia ku America, lamulo la 1924 linkati mzungu ndi munthu amene alibe ngakhale kadontho ka magazi a mtundu wina, kupatula ka Amwenye a ku America kochepa kwambiri. M'chigawo cha Louisiana, lamulo la 1970 linkati munthu amene gawo loposa limodzi mwa magawo 32 a makolo ake ndi la anthu akuda akhoza kulembedwa kuti ndi wakuda, ndipo lamuloli linathetsedwa mu 1983. Ku South Africa, lamulo la kalembera la 1950 linagawa anthu m'magulu, ndipo akuluakulu a boma akasokonezeka ankafika posomeka pensulo m'tsitsi la munthu kuti aone ngati igwe kapena ikodwe. Chaka ndi chaka panali anthu amene ankasamutsidwa kuchoka m'gulu lina kupita m'gulu lina, thupi lawo lili lomwelo. Ku Brazil, pa kalembera munthu amasankha yekha gulu lake, ndipo pali gulu lalikulu la pakati pa oyera ndi akuda. Choncho munthu mmodzimodziyo akanalembedwa wakuda ku Virginia, wosakanizika ku Cape Town, ndipo mwina woyera ku Brazil. Magazi ake sasintha akakwera ndege.

Musalembe kuti "mitundu kulibe" n'kusiyira pomwepo, chifukwa wochonga adzakufunsani funso lomwe mwandifunsali. Lembani kuti kusiyana kwa matupi kulipo, koma malire, chiwerengero cha magulu ndi tanthauzo limene magulu amenewo anapatsidwa ndi ntchito ya anthu. Ndipo musaiwale kuti chopangidwa ndi anthu chimaluma ndithu. Pensulo ija inkagamula sukulu imene mwana aphunzire, dera limene akhale, ndi munthu amene angakwatirane naye.

Tipite ku kalata yachiwiri, yochokera kwa mchimwene wathu amene akuphunzira bayoloje.

"Mnzanga akuti asayansi anapeza kuti kusiyana kwa majini pakati pa mitundu n'kochepa kwambiri. Koma masiku ano munthu amatumiza malovu kukayezedwa, n'kumuuza kontinenti imene makolo ake anachokera. Zingatheke bwanji zonse ziwiri kukhala zoona?"

Achimwene, apa mwagwira pamene ophunzira ambiri amagwera, ndiye tikhalapo pang'ono. Majini amene tikunena pano ndi tinthu ta m'thupi timene mwana amatengera kwa makolo ake. Zimene mnzanuyo akunena zinachokera kwa wasayansi Richard Lewontin, mu 1972. Iye anatenga zizindikiro 17 za m'majini, monga magulu a magazi, n'kuwerengera kuti kusiyana konse kwa anthu kuli pati. Anapeza kuti pafupifupi 85 peresenti kuli pakati pa anthu a fuko limodzi, pafupifupi 8 peresenti kuli pakati pa mafuko a "mtundu" umodzi, ndipo pafupifupi 6 peresenti yokha ndi imene ili pakati pa mitundu ikuluikulu ija. Chitsanzo chosavuta ndi magulu a magazi. Gulu O mulipeza ku Africa, ku Ulaya ndi ku Asia komwe. Chosiyana ndi kuchuluka kwake basi. Mukandiuza kuti munthu ali ndi magazi a gulu O, sindingadziwe kumene akuchokera.

Mu 2003, katswiri wa masamu a majini A. W. F. Edwards anayankha kuti chiwerengero cha Lewontin n'cholondola, koma sichitanthauza kuti anthu sangagawidwe. Chizindikiro chimodzi chimakuuzani zochepa, koma mukaphatikiza mazanamazana, tizosiyana ting'onoting'ono tija timaunjikana mpaka mungathe kuloza dera limene makolo a munthu anachokera. Ndi mmene kuyeza malovu kuja kumagwirira ntchito. Ndiye onse awiri akunena zoona, kungoti akuyankha mafunso osiyana. Wina akufunsa kukula kwa kusiyanako, winayo akufunsa ngati kungazindikirike.

Nanga kuzindikirikako kukutsimikiza kuti mitundu ija ndi yachibadwa? Taonani kafukufuku wa Noah Rosenberg ndi anzake wa mu 2002, amene mbali zonse ziwiri zimakonda kumutchula. Anayeza anthu 1,056 ochokera m'mafuko 52, pogwiritsa ntchito zizindikiro 377, n'kupempha kompyuta kuti iwagawe. Apa mvetserani bwino: kompyutayo siisankha yokha chiwerengero cha magulu, amaiuza ndi wofufuza. Ataiuza kuti magulu akhale asanu, anatuluka ofananako ndi zigawo zikuluzikulu za dziko. Koma m'magulu asanuwo, anthu a ku Ulaya, a ku Middle East ndi a ku Pakistan anagwera gulu limodzi, zimene lamulo la ku Virginia kapena la ku South Africa silikanavomereza. Ataiuza kuti akhale asanu ndi limodzi, gulu latsopano linali Akalashi, fuko laling'ono la m'mapiri a kumpoto kwa Pakistan, limene palibe analitchapo kuti ndi umodzi mwa mitundu ikuluikulu ya anthu. Zimene kompyuta ikuona ndi mbiri ya misamuko, komanso nyanja, zipululu ndi mapiri zimene zinachepetsa kukwatirana. Njira yomweyo, mukaipatsa zizindikiro zokwanira, imasiyanitsa ngakhale anthu a kumpoto ndi a kumwera kwa Ulaya, koma palibe amene amati amenewo ndi mitundu iwiri.

Onjezaninso ichi, chifukwa kwa ine ndi chimene chimagwetsa kwambiri magulu akalewo. Anthu onse anachokera ku Africa, ndipo amene anatuluka n'kukadzaza makontinenti ena, zaka pafupifupi 60,000 zapitazo, anali kagulu kochepa kamene kananyamula gawo chabe la majini amene analipo. N'chifukwa chake Africa ndi kumene kuli kusiyana kwakukulu kwa majini kuposa kwina kulikonse. Munthu wa fuko la Asani kumwera kwa Africa ndi Myoruba wa ku Nigeria akhoza kusiyana m'majini kuposa mmene Mfalansa amasiyanirana ndi Mtchaina. Koma magulu akale aja amaika awiri oyambawo m'bokosi limodzi, awiri enawo m'mabokosi osiyana. Bokosi lotero si bayoloje imene inalipanga.

M'chimangirizo, Edwards m'patseni ndime yakeyake ndipo mufotokoze mfundo yake mwamphamvu musanayankhe. Wophunzira amene amangotchula 85 peresenti ija n'kuthawa amaoneka kuti sanawerenge mbali inayo.

Nthawi yatithera, koma tiwerenge kalata ya mayi wina amene akuti anabwerera kusukulu ana atakula.

"Ngati mitundu ndi yopangidwa ndi anthu, n'chifukwa chiyani amati sikoselo ndi matenda a anthu akuda?"

Mayi, chitsanzo chimenechi chitengeni, chikhoza kunyamula chimangirizo chonse. Sikoselo amayamba ndi kusintha kwa jini imodzi imene imapanga mbali ya magazi yonyamula mpweya. Mwana akalandira jini yosinthikayo kwa makolo onse awiri amadwala. Akalandira kwa kholo limodzi nthawi zambiri sadwala, ndipo amatetezekako ku malungo aakulu. Makolo onse awiri akakhala onyamula jiniyo, pa mimba iliyonse pamakhala mpata umodzi mwa inayi woti mwana abadwe ndi matendawa. Choncho jiniyi inachuluka kumene malungo ankapha ana ambiri: kumadzulo ndi pakati pa Africa, inde, komanso madera ena a Greece, Sicily, kum'mawa kwa Saudi Arabia ndi pakati pa India. Kumapiri a ku Ethiopia ndi kunsonga ya kumwera kwa Africa, kumene anthu ndi akuda koma malungo sanali ochuluka, jiniyi ndi yosowa. Mapu a sikoselo amatsata udzudzu.

Nanga dzina lakuti matenda a akuda linachokera kuti? Ku America, anthu akuda ambiri ndi zidzukulu za akapolo amene anatengedwa kumadzulo ndi pakati pa Africa, kumene jiniyi ndi yochuluka. M'dziko limenelo khungu ndi matendawa zinaonekera pamodzi chifukwa cha mbiri ya ukapolo. Dokotala amene amangoyang'ana khungu akhoza kuphonya mwana wa ku Greece kapena wa ku India amene akudwala sikoselo, pamene kuyeza magazi kumapereka yankho mosafunsa mtundu.

Mukamalemba, siyanitsani zinthu ziwiri zimene zimabisala m'mawu akuti "matenda a mtundu wakuti". Ena amatsata kumene makolo anachokera, monga sikoselo. Ena amatsata mmene anthu a gululo akukhalira: nyumba, ntchito, ndalama, ndi mmene amalandiridwira kuchipatala. Ku America amayi akuda amamwalira pa zifukwa za uchembere mowirikiza pafupifupi katatu kuposa amayi achizungu, ndipo kusiyanako kumaonekabe ngakhale pakati pa amayi ophunzira. Pa matenda alionse amene mungatchule, dzifunseni kuti ali m'gulu liti mwa awiriwa, ndipo mupereke umboni wake m'ndime yomweyo.