Za ntchito ya ku Ntcheu ndi ya ku Lilongwe

Achimwene, bambo a Chisomo, mwaswera bwanji kumeneko? Kuno ku Joni tilipo. Uthengawu mumvetsere pamodzi ndi alamu, kenako mukawamvetse amayi ndi amalume, chifukwa nkhaniyi si yanu nokha.

Ndaona makalata onse awiri okulembani ntchito amene mwanditumizira. Musayambe n'kuyerekeza malipiro. Funso loyamba ndi lakuti, mukasankha Ntcheu, asamuke ndani? Mukapita nokha, alamu ndi ana n'kutsala ku Area 25, ndiye kuti malipiro amodzi ayatsa moto pawiri. Amalawi ambiri kuno n'zimene zimawathera ndalama: lendi kuno, lendi kumudzi.

Tiwerengere ndi manambala amene munandipatsa, msonkho ndi penshoni atachotsa kale. Ku Lilongwe mulandira K520,000. Chotsanipo nyumba K120,000, minibasi ya kuntchito K66,000, ndi maulendo awiri okaona amayi K80,000. Zitsala K254,000. Ku Ntcheu mulandira K430,000. Mukapita nokha, nyumba ya ku Lilongwe ija mulipirabe, muwonjezere chipinda chanu pa boma K50,000, chakudya chanu panokha K60,000, ndipo maulendo awiri aja sakutha, angotembenuka kukhala okaona ana. Zitsala K120,000 basi. Mukasamuka banja lonse, nyumba ya K70,000 pa boma, kuntchito n'kumayenda pansi, zitsala K360,000. Zikuoneka zabwino, koma geni ya alamu kumsika, imene imabweretsa cha m'ma K150,000, ifera pomwepo, ndipo makasitomala atsopano sapezeka mwezi umodzi. Muiphatikize geniyo ku mbali ya Lilongwe, muona kuti kumeneko kukupambanabe pang'ono. Choncho njira yopita nokha ndiyo yoipitsitsa, muichotse m'maganizo.

Tsopano za amayi, apa ndiye pamene mtima ukukukokerani, ndipo ine sindikukudzudzulani. Koma funsani kuti amayi akufunika chiyani kwenikweni. Akufunika munthu wogona nawo m'nyumba, woonetsetsa kuti amwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi tsiku lililonse, wowaperekeza kuchipatala tsiku lokayezetsa. Inu mukakhala pa boma muzikaweruka 5 koloko, ndipo kwathu ndi kumtunda, njira ya ku Tsangano. Nthawi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Malichi, kabaza amene amavutika kukwera. Mudzapezeka kuti mukuwaonabe Loweruka lokha, monganso munthu wochokera ku Lilongwe, kumene ndi ulendo wa maola atatu pa M1. Ndipo matenda akakula, chipatala cha boma ku Ntcheu chimatumiza odwala ku Kamuzu Central. Tsiku limenelo mwana wokhala ndi nyumba ku Lilongwe ndiye wofunika, chifukwa wodikirira matenda amafuna pogona ndi pophikira.

Chinanso, ndinene mosabisa ngakhale amalume akumva: munthu wapantchito akakhala pafupi ndi mudzi, maliro onse, fizi, feteleza, zimafikira pakhomo pake. Si nkhanza za abale, ndi mmene timakhalira. Koma muikepo ndalama yake pa kuwerengera kwanu.

Pa makalata aja ndaonapo chinthu chachikulu. Ya ku Ntcheu ndi ya pulojekiti, kontirakiti ya chaka chimodzi. Ya ku Lilongwe ilibe tsiku lothera. Afunseni a ku Ntcheu kuti thandizo la pulojekitiyo litha liti, ndipo yankho alembe, osati la pafoni. Ntchito ikatha pa boma, maofesi ena olemba anthu ndi owerengeka, mudzabwerera ku Lilongwe nyumba ija atatenga ena. Konse kuwiri muonenso nthawi yoyeserera. Lamulo la ntchito la 2000 limalola kuti ifike miyezi 12, ndipo mkati mwake akhoza kukusiyitsani popanda notisi. Musasamutse banja nthawi imeneyi isanathe. Penshoninso ioneke m'kalata: abwana amaika 10 peresenti, inu 5.

Chisomo ali Sitandade 8. Ameneyo asasunthe mpaka alembe mayeso. Ngati kusamuka kulipo, kuchitike pa holide yaikulu, sukulu zisanatsegulire mu Seputembala.

Maganizo anga ndi akuti mutenge ya ku Lilongwe. Amalume atipezere mtsikana kapena mayi wachibale wokhulupirika woti azikhala ndi amayi, ndipo tizimulipira mwezi ndi mwezi, osati kungomuthokoza pakamwa. Ine ndizitumiza gawo langa pa Mukuru mwezi ukatha, inu muzipita kawiri pamwezi, ulendo umodzi ugwirizane ndi tsiku lawo la kuchipatala. Ndingasinthe maganizo pokhapokha a ku Ntcheu atalemba zaka zitatu, amayinso atavomera kutsikira pa boma kudzakhala nanu. Muwafunse amayi okha funso limenelo, musawayankhire. Mundiimbire Lamlungu madzulo ndikaweruka, alamu akhalepo.