Uthenga wa mawu kwa amayi: kulandira ndalama pafoni

Amayi, ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino kumeneko. Ndine mwana wanu kuno ku Joni, ndipo ndajambula mawuwa kuti muziwamvetsera mobwereza, chifukwa kuyambira mwezi uno ndalama zizibwera pafoni panu, osati kudzera kwa oyendetsa mabasi monga kale.

Ndikatumiza pa Mukuru, ndimapereka nambala yanu ya Airtel pamodzi ndi dzina lanu monga lidalembedwera pa chiphaso cha unzika. Nambalayo iyenera kukhala yolembetsedwa m'dzina lanu lomwelo, choncho musanditumizire ya achimwene ngakhale foni yanu itatha moto. Inu palibe chimene mungachite kuti ndalamazo zilowe, ndipo palibe munthu amene ayenera kukupemphani nambala yachinsinsi kuti mulandire.

Tsopano mvetserani bwino, pakuti apa ndi pamene ambiri amaberedwa. Ndalama zikalowa mudzalandira uthenga, koma uthengawo si umboni wokwanira, chifukwa akathyali amadziwa kulemba wofanana nawo. Umboni weniweni ndi ndalama zimene zili mu akaunti. Lero lomwe, ndisanatumize, imbani *211#, sankhani mzere wa akaunti yanu, kenako woonera ndalama zotsala, ndipo mulembe nambala yanu yachinsinsi ya manambala 4 ija. Zimene mwaonazo muzilembe m'kope lanu la kumpingo lija. Tiyerekeze kuti mwapeza K12,000, ine n'kutumiza K150,000. Mukayang'ananso muyenera kupeza K162,000. Mukapezabe K12,000, ndiye kuti sizinafike, ngakhale uthenga utanena zotani. Zikatero musathamangire kwa ejenti, koma mudikire pang'ono, muyang'anenso, kenako mundiuze kuti ine ndifufuze kuno ndi nambala ya pa lisiti langa.

Wina akadzakuimbirani akulira kuti watumiza ndalama kwa inu molakwitsa ndipo mumubwezere, musadzachite changu. Ndikukudziwani Amayi, mtima wanu ndi wachisoni, koma yambani mwayang'ana mu akaunti. Ngati sizinachuluke, munthuyo akufuna zanu. Muonenso kumene uthengawo wachokera, chifukwa weniweni umabwera ndi dzina la kampani pamwamba, pamene wabodza umachokera pa nambala ya munthu wamba.

Popita kukatapa kwa ejenti, mutenge chiphaso chanu, ndipo nambala yachinsinsi muzilemba nokha foni ili m'manja mwanu. Ngati maso akuvuta, valani magalasi m'malo mopereka foni kwa mnyamata wa pa benchi. Mukalakwitsa nambalayo kawiri, lekani kaye, popeza kulakwitsa mobwereza kumatseketsa akaunti. Kutapa kuli ndi mtengo wake umene amadula, choncho musatape zonse zimene zikuoneka. Funsani kaye kuti adula zingati. Ndalamazo muziwerenge musanachoke pamalopo, kenako muyang'anenso zotsala.

Mukamaliza kumvetsera, imbani *211# ija ndipo munditumizire mawu ondiuza zimene mwapeza, kuti ine nditumize madzulo ano ndikaweruka.