Uthenga wapafoni ukakutsegulirani tsamba, dziwani kaye komwe mwafika

Amayi ndi abambo, zikomo chifukwa chobwera. Ambiri mwamva kale za mayi ena a m'gulu lathu lino amene anaberedwa ndalama sabata yatha atadina uthenga umene unatulukira pamwamba pa foni yawo. Uthengawo unkati akaunti yawo yatsekedwa ndipo adine kuti aitsegule. Atadina, panatseguka tsamba lokhala ndi chizindikiro ndi mitundu ya banki yawo, likufunsa nambala yachinsinsi, ndipo iwo analemba. Ndamva ena mukuwanena kuti anachita mosasamala, koma musawaseke, chifukwa anangochita zimene tonsefe tinazolowera. Mnzanu akakulemberani, mumadina uthengawo ndipo mumafikira pomwepo pa macheza anu ndi iyeyo, osayamba mwadutsa tsamba loyamba la apu. Akuba amadalira chizolowezi chomwechi.

Tiyeni timvetse mmene zimayendera. Apu iliyonse ili ndi masamba ambiri, ndipo amene anaipanga amatha kupereka adiresi kwa tsamba lililonse. Uthenga wodziwitsa umanyamula adiresiyo mobisika, kuseri kwa mawu amene mukuwerenga. Mukadina, foni imayang'ana adiresiyo n'kufufuza apu imene inalembetsa kuti imadziwa kuitsegula. Zili ngati munthu wokuperekezani amene wakugwirani dzanja mpaka kuchipinda chamkati, moti simunaone n'komwe chikwangwani cha pakhomo. Akakhala wokhulupirika wakuchepetserani ntchito, koma akakhala wachinyengo, mumalowa m'nyumba ya eni mukuganiza kuti ndi yomwe mumaidziwa.

Maadiresi amenewa alipo a mitundu iwiri. Tiyerekeze kuti mwaitanitsa katundu kudzera pa apu ina, ndipo nambala ya oda yanu ndi 4821. Adiresi yake ikhoza kulembedwa m'njira ziwiri izi:

```
sitolo://oda/4821
https://example.com/oda/4821
```

Yoyambayo imayamba ndi dzina limene opanga apu anangodzisankhira, ndipo palibe amene amatsimikizira kuti dzinalo ndi lawo. Apu ina yachinyengo, ikakhala kuti ili kale m'foni mwanu, ikhoza kulembetsa dzina lomwelo n'kumalandira maulendo amene amayenera kupita ku apu yeniyeni. Yachiwiriyo ndi yotetezeka kwambiri. Kuyambira mu 2015, mafoni a Android ali ndi njira yotchedwa App Links, ndipo a iPhone ali ndi Universal Links. M'njira zimenezi mwini webusaiti amaika kafailo pa webusaiti yake konena kuti apu yakutiyakuti ndiyo yake, ndipo foni imakawerenga isanalole kuti apuyo izitsegula yokha maadiresi a webusaitiyo. Wakuba sangaike kafailoko pa webusaiti ya banki yanu, choncho njira yomwe imamutsalira ndi kukukokerani ku webusaiti yake imene waikongoletsa kuti ifanane ndi apu.

Izi n'zimene zinawachitikira mayi aja. Titayang'ana foni yawo, tinapeza kuti uthengawo sunachokere ku apu ya banki ayi, unachokera ku webusaiti ina kudzera mu Chrome, pulogalamu yofufuzira pa intaneti. Tsiku lina akuwerenga nkhani pa intaneti, panatuluka kabokosi kopempha chilolezo chotumiza mauthenga, iwo anadina `Allow` kuti kangochoka, ndipo kuyambira pamenepo webusaitiyo inkatha kuika mauthenga pamwamba pa foni yawo pamodzi ndi ena onse. Ndipo pano ndikudzudzuleni pang'ono, chifukwa ambiri a inu, makamaka mukapatsa ana foni kuti asewere nayo, chilichonse chotuluka chimangovomerezedwa osawerengedwa. Chenjezo langa ndi ili: musalembe nambala yachinsinsi pa tsamba limene mwafikapo podina uthenga. Tulukani, mutsegule apuyo nokha pa chizindikiro chake.

Ndaona dzanja kumbuyoko. Nenani, bambo.

"Pepani podula mawu. Ineyo ndikadina uthenga wochokeradi ku apu yanga, nthawi zina imandifunsa pasiwedi, nthawi zina imangondisiya pa tsamba loyamba. Kodi pamenepanso ndiye kuti akuba alowerera?"

Mwafunsa bwino, bambo, ndipo yankho ndi lakuti kawirikawiri si akuba. Apu ya ndalama imakutulutsani yokha mukakhala kanthawi osaigwiritsa ntchito, choncho ngakhale adiresi ikhale yolondola, apuyo iyenera kutsimikiza kaye kuti ndinu nomwe isanakuonetseni za akaunti yanu. Apu yopangidwa bwino imasunga adiresi ija, ndipo mukangolowa imakufikitsani pa tsamba lomwe munkafuna. Yopangidwa mothamanga imaiiwala, n'chifukwa chake mumapezeka pa tsamba loyamba. Nthawi zinanso apu yanu imakhala yakale, pomwe uthengawo ukuloza tsamba limene linawonjezedwa posachedwa, ndiye foni imatsegula apu koma apuyo siidziwa kopita. Kapenanso chinthu chimene uthengawo unkanena chinafufutidwa musanadine. Palinso nthawi imene linki yeniyeni imatseguka pa intaneti m'malo mwa apu. Kuyambira pa Android 12, ya mu 2021, linki ya webusaiti imene foni sinathe kuitsimikizira imapita ku pulogalamu yofufuzira pa intaneti, pokhapokha inu mutailoleza nokha.

Vuto lake ndi lakuti inuyo muli pamenepo, tsamba loona lofunsa pasiwedi ndi tsamba labodza zimaoneka zofanana. Pali zizindikiro zothandiza. Mukaona mzere wa adiresi pamwamba, muli pa webusaiti, simuli mu apu. Mukatsegula pamene foni imaonetsa mapulogalamu onse amene ali otsegula, chizindikiro cha pamwamba pa tsambalo chimakuuzani pulogalamu imene mulimo. Koma sindikufuna kuti mudalire maso okha, chifukwa mapulogalamu ena enieni amatsegula masamba a intaneti mkati mwawo, ndipo akuba amadziwa kusintha chilembo chimodzi m'dzina la webusaiti. Choncho, bambo, ngakhale uthengawo ukhale woona, yankho ndi lomwe lija: musalembe nambala yachinsinsi pamenepo, tulukani mutsegule apuyo nokha. Ngati akaunti ili ndi vuto lenileni, mukalipeza mkatimo, ndipo mwangotaya masekondi ochepa.

Ndikuona ena mwayamba kuyang'ana nthawi, ndiye zotsalazi ndinena mwachangu. Uthenga ukakukayikitsani, musaudine, koma ugwireni ndi chala kwa kanthawi, ndipo foni ya Android idzakuonetsani pulogalamu imene yautumiza. Ukakhala wonena za banki koma wachokera ku Chrome, uchotseni. Kenako lowani mu Chrome, pitani pa `Settings`, `Site settings`, `Notifications`, n'kuletsa webusaiti iliyonse imene simukuidziwa. Ngati malinki enieni sakutseguka mu apu, pitani pa `Settings` ya foni, `Apps`, sankhani apuyo, ndipo pa `Open by default` muyatse `Open supported links`, ngakhale kuti mawu ake amasiyana pang'ono pa mafoni ena. Mapulogalamu muzitenga ku Play Store kapena App Store basi, osati mafailo amene anzanu amakutumizirani, chifukwa apu yachinyengo yolanda maadiresi nthawi zambiri imalowera kumeneko. Amene mwakumbukira kuti munalembapo kale nambala yachinsinsi pa tsamba lotere, muisinthe lero lomwe kudzera mu apu yeniyeni, ndipo muimbire banki yanu pa nambala yolembedwa kuseri kwa khadi lanu, osati imene ili mu uthengawo. Amene mukufuna kuti tiyang'ane limodzi mafoni anu, tsalani tikamaliza, koma nambala yachinsinsi musandiuze ngakhale ineyo.