Musanakwere basi yobwerera kumudzi: maranda anu akhale kuti?

(Wolankhula wakhala pampando, pambali pake pali chikwama chaulendo.)

Abale anga a ku Joni, ku Kepi ndi ku Debeni, moni nonse. Lero ndikulankhula ndi inu amene mwatopa kutchedwa matchona ndipo mwatsimikiza mtima kuti chaka chamawa, kapena chinacho, mukubwerera kwathu. Funso lathu ndi limodzi: ndalama mwasungazo zidikire kuti mpaka tsiku lomwe zidzagwire ntchito?

Ambiri timaganiza kuti kukonzekera ndiko kutumiza zonse kumudzi kuti tikazipeze ku banki. Tiyeni tiwerengere limodzi.

(Pa sikirini: K10,000,000)

Tiyerekeze bambo wina wowotcherera zitsulo ku Joni. Pofika mu Okutobala 2023 anali atatumiza ndalama zokwana K10 miliyoni ku akaunti yake ya ku Lilongwe. Nthawi imeneyo dola imodzi inkagulitsidwa pafupifupi K1,180 ku banki, choncho ndalama zakezo zinali ngati madola 8,470. Mu Novembala chaka chomwecho, Banki Yaikulu ya Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kufika pa K1,700. Bamboyo atayang'ana pa foni anapeza K10 miliyoni yake ili bwinobwino, palibe tambala yomwe yasowa. Koma tsopano inali madola 5,880 okha. Madola pafupifupi 2,600 anapita iye ali mtulo, popanda wakuba kuthyola chitseko. Ndipo sikanali koyamba, chifukwa mu Meyi 2022 kwacha inali itatsitsidwa kale ndi 25 peresenti.

Mwina mukuti, ine madola ndilibe nawo ntchito, ndikukamanga nyumba ku Mchinji. Komatu malata, zitsulo, mawaya, matailosi ndi mafuta a lole yotuta mchenga, mitengo yake imatsata dola. Kwacha ikagwa, wa hadiweya sadikira sabata kuti asinthe mitengo.

Palinso china chomwe ambiri amachizindikira mochedwa. Kusintha randa kukhala kwacha n'kwa mphindi zochepa, koma kubweza kwacha kuti ikhale randa kapena dola ndi nkhani ina, popeza ndalama zakunja zakhala zikusowa m'mabanki a ku Malawi. Khomo limeneli limatseguka mosavuta polowa, potuluka limalimba. Ndiye lamulo langa ndi ili: ndalama isinthidwe kukhala kwacha pokhapokha ntchito yake itayandikira.

Nanga izikhala kuti? Ngati muli ndi mapepala ndi akaunti yovomerezeka komweko, isiyeni mu maranda pa akaunti yobereka chiwongoladzanja. Randa nayo imatsika, sindikukana, koma siinagwe ngati kwacha m'zaka zimenezi. Njira ina ndi akaunti ya ndalama zakunja ku banki ya ku Malawi, yomwe imasunga madola kapena maranda osawasintha. Musanatsegule, funsani kuti potapa adzakupatsani ndalama yanji, pa mtengo uti, ndipo amadula zingati pamwezi. Akuyankheni polemba.

Wina anandiuza kuti, achimwene, ku Malawi chiwongoladzanja n'chokwera, bwanji osabwereketsa boma? N'zoona, boma limabwereka kwa anthu kudzera ku Banki Yaikulu kwa masiku 91, 182 kapena 364. Koma muziyerekeza ndi kukwera kwa mitengo, komwe mu 2024 kunali cha m'ma 30 peresenti. Tinene kuti mwaika K1 miliyoni ndipo yabereka 25 peresenti. Chaka chikatha muli ndi K1,250,000, msonkho usanachotsedwe. Katundu amene anali K1 miliyoni tsopano ndi K1,300,000. Mwachepetsa bala, koma simunapindule. Njirayi ndi yabwino pa makwacha omwe muli nawo kale ndipo akudikira ntchito ya miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi ikubwerayi.

(Pa sikirini: chithunzi cha puloti yokhala ndi mabikoni.)

Tsopano tifike pa puloti, pomwe misozi yambiri ya matchona imachokera.

Malo ndi chinthu chomwe ndingavomere kuti mugule musanabwerere, chifukwa sagwa pamodzi ndi kwacha. Koma mugule malo, osati chithunzi cha pa foni. Choyamba dziwani mtundu wake. Ngati ali ndi lizi, pemphani nambala ya puloti ndi ya chikalata, ndipo munthu wanu, makamaka loya, akafufuze ku ofesi ya Unduna wa Zamalo ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu. Kumeneko kumaoneka dzina la mwini weniweni, komanso ngati malowo anaperekedwa chikole pa ngongole ya ku banki. Wogulitsa akamazemba kupereka nambala, kapena akamati tumizani lero chifukwa mawa kukubwera wina ndi kashi, dziwani kuti pali chobisika.

Ngati ndi malo a mafumu, kalata ya a nyakwawa payokha siikutetezani mokwanira. Malo otere nthawi zambiri ndi a banja lonse, ndipo wogulitsayo akhoza kukhala mphwake chabe wa mwini mbumba. Mumamanga mpaka pa lintala, kenako kukutulukira amalume ochokera ku Kasungu kudzati ife sitinavomere. Choncho akuluakulu a banjalo asainire pamaso pa mfumu ndi mboni, saveya ayeze n'kuika mabikoni, ndipo muyambe msanga kulembetsa malowo ku boma. Dzina likhale lanu monga lilili pa chiphaso cha unzika. Zoti lembani kaye dzina la achemwali tidzasintha mukadzabwera, ayi. Achemwaliwo akhoza kukhala okhulupirika mpaka imfa, koma ana awo adzangowerenga zomwe zili papepala.

Kumanga muli kutali ndiye kumafuna mtima wouma pang'ono. Tibwerere kwa wowotcherera uja, tinene kuti pano ali ndi R200,000 ndipo kwatsala miyezi 18. Ine ndikanamuuza kuti R60,000 asaikhudze n'komwe, ndi chakudya, fizi ndi chipatala cha chaka choyamba, chifukwa makasitomala sadzamudziwa tsiku lofika. R40,000 agulire makina owotcherera, chopukusira ndi jenereta konko ku Joni, asunge malisiti, ndipo afunse a MRA za msonkho wa obwerera kwawo katunduyo asananyamuke, osati atafika pa Mwanza. R100,000 yotsalayo ndiyo ya puloti ndi nyumba, ndipo izipita m'zigawo: maziko, khoma mpaka pa lintala, kenako denga.

Chigawo chilichonse chizilipidwa chinzake chikatha, mutaona pa vidiyo ya pompopompo, munthu akuzungulira nyumbayo kuyambira pamsewu. Zithunzi zokha anthu amajambula nyumba ya eni. Simenti ndi malata lipirani nokha ku sitolo, mmisiri azingokatenga. Wosunga ndalama asakhale yemweyo wokuuzani kuti ntchito yatha. Ndipo musagule simenti yambiri kuti muthawe kukwera kwa mtengo, chifukwa ikakhala miyezi ingapo m'nyumba yachinyezi imaundana, mphamvu n'kuchepa. Ngati mukufuna kutsekera mtengo, gulani malata ndi zitsulo, zomwe zimadikira.

Ndalama ikapanda kukwana denga, musayambe khoma mu Okutobala. Mvula ya Disembala ikalipeza lili pamtetete, mudzalipira kawiri. Imani pa maziko, maranda otsalawo adikire komwe ali mpaka Epulo.