Kuyeza shuga pamene mukusala kudya

Amayi ndi abambo, ena mwa inu mumasala pa mwezi wa Ramadani, ena mumasala ndi mpingo kapena popita kukapemphera kuphiri la Soche, koma thupi la munthu wa matenda a shuga limavutika mofanana. Poyamba dziwani kuti kubaya chala ndi kutenga kadontho ka magazi sikuononga kusala, chifukwa palibe chimene chalowa m'mimba, ndipo akatswiri a chipembedzo cha Chisilamu amavomereza zimenezi.

Yezani musanadye chakudya cha m'bandakucha, masana dzuwa lili paliwombo, chakumadzulo musanamasule, komanso nthawi iliyonse imene mukumva zachilendo m'thupi. Timapepala toyezera ndi todula, choncho ngati tili tochepa, ine ndingakulangizeni kuti mutisungire masana ndi chakumadzulo, pamene chakudya chatha m'thupi koma mankhwala akugwirabe ntchito. Sambani m'manja ndi kuumitsa musanabaye, pakuti chala chimene chagwira nthochi kapena mango chimaonetsa shuga wokwera monama.

Tiyerekeze mayi wa ku Ndirande amene amamwa gilibenkalamaidi. Mankhwala amenewa amakakamiza thupi kutulutsa insulini kwa maola ambiri, kaya munthu wadya kaya sanadye, n'chifukwa chake amagwetsa shuga kuposa metifomini. Mayiyu wadya 4 koloko m'mawa, ndipo 12 koloko makina akuonetsa 4.6 mmol/L. Sanafike pomasula, koma nambala ikakhala pakati pa 3.9 ndi 5.0 ayenera kuyezanso ola lisanathe. Atayezanso wapeza 3.6. Apa amasule nthawi yomweyo chifukwa nambala yatsika pansi pa 3.9, ngakhale akumva bwino, ndipo zikanakhala chimodzimodzi ngakhale kukanatsala mphindi khumi kuti dzuwa lilowe. Asungunule masupuni ang'onoang'ono anayi a shuga m'madzi, amwe, ayezenso pakatha mphindi 15, ndipo abwereze ngati nambala idakali pansi pa 3.9. Ikakwera adye phala kapena buledi, chifukwa shuga wa m'madziyo sachedwa kutha pamene mankhwala aja adakali m'magazi. Ngati makina anu amawerenga mu mg/dL, malire a 3.9 amenewa ndi 70.

Shuga amathanso kukwera munthu asanadye kanthu, makamaka kwa amene wasiya mankhwala poopa kukomoka. Nambala ikapitirira 16.6, kapena kuti 300 mg/dL, kapena makina akalemba HI, masulani, imwani madzi, ndipo pitani kuchipatala, makamaka ngati mukusanza kapena kukodza pafupipafupi.

Pamene palibe makina, kunjenjemera, thukuta lozizira, kuthamanga kwa mtima ndi kusokonezeka maganizo n'zokwanira kuti mumasule. Munthu akakomoka musamuthire chakumwa m'kamwa, angatsamwe. Mugonekeni chammbali ndi kuthamangira naye ku Gulupu kapena kuchipatala chapafupi. Amene mumabaya insulini, amene munakomokapo posachedwapa, amayi oyembekezera ndi odwala impso, kaonaneni ndi dokotala mwezi umodzi kapena iwiri kusala kusanayambe, pakuti ambiri mwa inu adzakuletsani kusala.