Kudziwa chinenero cha mawu ali pachithunzi

Zikomo azibambo ndi azimayi. Amene muli kumbuyoko sendererani pang'ono, chifukwa zimene tikambe lero zagona pa timadontho ndi timichira ta zilembo.

Onani chithunzi ndaika pakhomachi. Wina anajambula chikwangwani cha pachitseko, ndipo palembedwa motere:

Увага! Вхід заборонено. Не відчиняти двері.

Ndamva ena mwanena kale kuti ndi Chirasha. Ambiri amathamangira komweko, koma mwaphonya. Chimene mwazindikira ndi mtundu wa zilembo, zotchedwa Chisiriliki, osati chinenero. Zilembo zimenezi amalembera Chirasha, Chiyukireniya, Chibelarusi, Chibugariya, Chisebiya, Chikazaki, ngakhalenso Chimongoliya chimene sichili pachibale ndi Chirasha n'komwe. N'chimodzimodzi mlendo kuona nyuzipepala ya Chichewa n'kunena kuti ndi Chingelezi poti zilembo zake n'zofanana. Mtundu wa zilembo umangokuchepetserani malo ofufuzamo. Ntchito yeniyeni imayamba mukafunsa kuti, m'mawuwa muli chilembo chiti chimene chinenero china chilibe?

Tiyeni tiyang'ane mawu achiwiriwo, Вхід. Chilembo chachitatu ndi kamtengo kokhala ndi dontho pamwamba, ngati i wathu yemweyu. Chirasha cha masiku ano chilibe chilembo chimenechi. Anachichotsa pamene ankakonza kalembedwe kawo mu 1918. Ndiye pongoona kadontho kamodziko, Chirasha chatuluka. Chibugariya, Chisebiya ndi Chimongoliya nazonso zatuluka, chifukwa zilibe і. Zatsala Chiyukireniya, Chibelarusi ndi Chikazaki, poti zitatuzi zili naye.

Apa musafulumire. Pitani pa mawu aataliwo, відчиняти. Mukuona chilembo chooneka ngati N wotembenuka, и? Chili kawiri, pamene і ali koyambirira kwa mawu omwewo. Chibelarusi chilibe и, ndipo chizindikiro chake chodziwika ndi ў, y wokhala ndi kambale pamutu, amene pano sakuoneka. Chikazaki chili ndi і ndi и yemwe, koma n'kovuta kulemba ziganizo zitatu za Chikazaki osagwiritsapo қ, ң, ә kapena ы, ndipo pachikwangwanichi palibe ngakhale chimodzi. Chatsala ndi Chiyukireniya. Pakanakhala ї wa madontho awiri kapena є, tikanamaliza msanga, koma zikwangwani sizipereka zonse zimene munthu akufuna. Tanthauzo la mawu a pachitsekowa ndi lakuti chenjerani, musalowe, musatsegule chitseko, koma onani kuti tafika pa dzina la chinenero tisanawerenge liwu ndi limodzi lomwe.

Amayi uko akufunsa kuti bwanji chikanakhala chithunzi cha buku lakale. Funso labwino zedi, chifukwa pamenepo pali msampha. Buku la Chirasha losindikizidwa 1918 isanafike limakhala ndi і ndi и pamodzi, ndipo mungalitche Chiyukireniya molakwa. Yang'anani kumapeto kwa mawu. Ngati mawu ambiri akuthera ъ, komanso mukukumana ndi ѣ ndi ы, chimenecho ndi Chirasha chakale. Koma ъ yemweyo akamapezeka pafupipafupi pakati pa mawu, pakati pa makonsonanti, m'zolemba zopanda ы, ganizirani Chibugariya, chifukwa kumeneko ndi vawelo. Dzina la dziko lawo lomwe amalemba България. Ndiye chilembo muzichiona pamodzi ndi malo amene chakhala.

Pali kusiyana kumodzi kumene ndikufuna mukugwire. Chilembo chimene chilipo ndi umboni wamphamvu. Chilembo chimene palibe ndi umboni wofooka, makamaka mawu akakhala ochepa. Tikanakhala ndi mawu oyambawo okha, Увага, sitikanatha kusiyanitsa, chifukwa Abelarusi amalemba chimodzimodzi. Kusowa kwa ы m'mawu awiri sikutanthauza kanthu. Kusowa kwake m'ndime yathunthu ndiye kumayamba kulemera, poti m'Chirasha amabwera kawirikawiri. N'chifukwa chake ine, munthu akanditumizira chithunzi cha liwu limodzi, ndimayamba ndamupempha kuti ajambulenso tsamba lonse.

Njira yomweyi imagwira pa zilembo za Chiarabu. Chiarabu chenicheni chilibe پ, چ ndi گ. Mukaziona, ganizirani Chiperisiya kapena Chiudu. Kenako Chiudu chimadziulula ndi ے kumapeto kwa mawu ndi ٹ wokhala ndi kachilembo kakang'ono pamwamba. Za ku Tchaina ndi ku Japani n'zosavuta: pakati pa zilembo zodzaza mizere mukamapezeka tina topepuka, tozungulira, monga の, chimenecho ndi Chijapanizi.

Zizindikiro za m'kalembedwe anthu amazidumpha, chonsecho zimaoneka ngakhale chithunzi chikhale chosawala bwino. Mfunsiro wozondoka, ¿, koyambirira kwa chiganizo amaloza ku Chisipanishi. Agiriki pofunsa funso saika mfunsiro wathuyu, amaika dontho pamwamba pa mpatuliro. Chiamuhariki chimatseka chiganizo ndi madontho anayi, ።, Chihindi ndi kamzere koimirira, ।, pamene Chiudu chimatseka ndi kamzere kogona. Ajeremani kawirikawiri amatsegula mawu a munthu ndi mitengero yapansi, „ , pamene Afalansa amagwiritsa « » n'kusiya kampata mkati mwake, komanso kampata asanaike mfunsiro. Koma zizindikirozi musazikhulupirire zokha. Arasha nawonso amalemba « », ndipo anthu polemba pafoni amasiya ¿ chifukwa cha ulesi.

Pamene zilembo zikufanana kwambiri, pitani ku timawu tating'ono tobwerezedwa. Siyani mawu aatali, chifukwa ambiri amakhala mayina a anthu, a mankhwala kapena mawu obwereka, amene amafanana m'zinenero zambiri. Werengani timawu ta zilembo ziwiri kapena zitatu. Tinene mwaona die akubwera mobwerezabwereza. Angakhale wa Chijeremani, angakhale wa Chiafirikanzi, ngakhale wa Chidatchi. Ndiye funani mnzake. Akamayenda ndi und ndi der, komanso mawu ambiri pakati pa chiganizo akuyamba ndi chilembo chachikulu, ndi Chijeremani. Akamayenda ndi en, ndi 'n woima payekha, ndi nie wobwera kawiri m'chiganizo chimodzi, wachiwiri kumapeto kwenikweni, ndi Chiafirikanzi. Chidatchi chimalemba niet, een ndi de. Kamodzi sikokwanira; pezani atatu ogwirizana musanatchule dzina.

Tsopano chithunzicho pachokha chimatha kukunamizani. Kamera ikagwedezeka, choyamba kufufutika ndi madontho aja, ndiye ї amasanduka і, ў amasanduka у, ndipo yankho lanu lasamukira dziko lina. Kulitsani chithunzicho, mufananize chilembo chokayikitsacho ndi chinzake pamzere wina. Zithunzi zina zojambulidwa ndi kamera yakutsogolo ya foni zimatuluka zotembenuka ngati pagalasi, moti R ndi N wamba amaoneka ngati Я ndi И, munthu n'kuyamba kufufuza Chisiriliki pa Chingelezi chenicheni. Yang'anani manambala: 3 kapena 7 akayang'ana kolakwika, tembenuzani chithunzi musanachite china chilichonse. Komanso Chisiriliki cholembedwa pamanja kapena mopendeka chimasintha nkhope: т amaoneka ngati m, и ngati u, п ngati n, choncho mzere wonse ungaoneke ngati wa zilembo zathu mpaka mutakumana ndi ж kapena ф.

Tigawa mapepala tsopano, gulu lililonse chithunzi chimodzi. Lembani mtundu wa zilembo, zilembo ziwiri zachilendo zimene mwapeza, ndi timawu titatu tobwerezedwa. Dzina la chinenero mulembe pomaliza.